Lachinayi: pulasi kapena mainasi pa φ

Masanawa ophunzira anga awiri anabwera ndi mkangano wawo wa funso la mafunde. Onse anali atagwirizana pa chilichonse kupatula kachizindikiro ka φ, ngodya yosonyeza poyambira pa funde: wina analemba φ = +π/3, mnzakeyo φ = −π/3. Aliyense amafuna ndingonena kuti wakhoza ndani. Ndinakana, ndipo tinayambiranso funsolo pa bolodi.

Funsolo ndi la funde loyenda pa chingwe, ndipo lili ndi magirafu awiri. Yoyamba ikuonetsa y motsatira x pa nthawi t = 0, ngati chithunzi cha chingwe chonse chojambulidwa kamodzi. Yachiwiri ikuonetsa y motsatira t pa malo x = 0, kutanthauza kuti ikutsata kachigawo kamodzi ka chingwe pamene kakukwera ndi kutsika. Akufuna ikweshoni ya mtundu uwu:

```
y = A cos(kx ∓ ωt + φ)
```

Zoyambirira sizinatichedwetse. Nsonga ya funde ikufika pa masentimita 4 kuchokera pa mzere wapakati, ndiye A = 4 cm. Pa girafu yoyamba nsonga zili pa mamita 0.2 ndi 1.4, choncho utali wa funde ndi mamita 1.2, ndipo k = 2π/1.2 = 5π/3 rad/m. Pa girafu yachiwiri zinthu zikubwerezeka pakatha masekondi 0.6, ndiye ω = 2π/0.6 = 10π/3 rad/s. Liwiro la funde ndi ω/k, mamita 2 pa sekondi.

Mkangano unayambira pa φ. Magirafu onse awiri akuyambira pa y = 2 cm. Mukaika x = 0 ndi t = 0 mu ikweshoni mumatsala ndi 4 cos φ = 2, ndiye cos φ = 0.5. Wa pulasi uja apa anangodina kakyuleta, inamupatsa 1.047, yomwe ndi π/3, iye nkukhutira. Komatu batani la cos⁻¹ limapereka mayankho a pakati pa 0 ndi π okha, silingakupatseni mainasi ngakhale funso litafuna mainasiyo. Kosaini wa +π/3 ndi wa −π/3 ndi mmodzi. Choncho kutalika kwa y poyambira sikokwanira. Pafunikanso kudziwa ngati mzere pamenepo ukukwera kapena ukutsika.

Ine ndimakonda kuyambira pa girafu ya x, chifukwa pa t = 0 gawo la ωt limafa, ndipo zoti funde likupita kumanja kapena kumanzere sizilowererapo. Chotsala ndi y = 4 cos(kx + φ). Kosaini amafika pansonga pamene zonse za m'mabulaketi zili 0, ndiye nsonga ili pa x = −φ/k. Pa girafu yathu nsonga yapafupi ili kumanja, pa mamita 0.2. Choncho φ = −k × 0.2 = −π/3. Taonani kuti njira imeneyi yapereka kukula ndi chizindikiro nthawi imodzi, osadinanso kakyuleta. Nsonga ikakhala kumanja kwa x = 0, φ imakhala ya mainasi. Ikakhala kumanzere, imakhala ya pulasi. Ambiri amayembekeza zosiyana, poti anazolowera kuti kumanja ndi kwa pulasi.

Wa pulasi uja sanagonje msanga, ndipo mfundo yake inali yomveka. "Koma aphunzitsi, girafu yachiwiriyi ikutsika kuchokera pa 2. Kosaini wotsika kuchokera pa theka la nsonga si cos(ωt + π/3)? Pulasi ndi ameneyotu."

Ananena zoona ndithu. Girafu yachiwiri ndi 4 cos(ωt + π/3). Chimene anachiphonya ndi chakuti ωt ya mu ikweshoni ya funde ili ndi chizindikiro chake kutsogolo, ndipo tinali tisanachipeze. Ndinamuuza kuti tiyambe tadziwa kumene funde likulowera.

Pa chithunzi cha t = 0, mzere ukukwera kuchokera pa x = 0 kupita ku nsonga ya pa mamita 0.2, ndipo kumanzere kwa x = 0 chingwe chili m'munsi. Girafu yachiwiri ikuti kachigawo ka pa x = 0 kakutsika. Kuti katsike, ndiye kuti chimene chikubwera pamalopo ndi mbali yotsika ija ya kumanzere. Funde likulowera kumanja, nsonga inadutsa kale ndipo ikutalikira. Likanakhala likulowera kumanzere, nsonga ikanakhala ikuyandikira ndipo kachigawoko kakanakwera. Funde lolowera kumanja limalembedwa kx − ωt, chifukwa t ikamakula, x nayo iyenera kukula kuti za m'mabulaketi zisasinthe. Yankho lonse ndi ili, y m'masentimita, x m'mamita, t m'masekondi:

```
y = 4 cos(5πx/3 − 10πt/3 − π/3)
```

Kenako ndinamuuza aike x = 0. Anapeza 4 cos(−ωt − π/3). Poti cos(−θ) = cos θ, zimenezi ndi 4 cos(ωt + π/3), girafu yake yomwe ija. Anakhala duu kwa kanthawi, kenako anaseka. Pulasi amene anamuona analipodi, koma ndi wa ikweshoni yoyamba ndi +ωt. Kumutenga nkumuika pambali pa −ωt ndiko kunasokoneza zinthu.

Msampha waukulu pa mafunso awa ndi umenewu. Pa funde lolowera kumanja, magirafu awiriwa amapendekeka mosemphana: pamene ya x ikukwera, ya t ikutsika. Munthu akaloweza kuti "ikatsika ndiye pulasi" osasamala kuti pansi pa girafu palembedwa x kapena t, akhoza mafunso ena nkulakwa ena, osadziwa chifukwa chake.

Sindilola wophunzira kusiya yankho asanaliyese pa malo achiwiri. Kuyesa pa x = 0, t = 0 nkutaya nthawi, chifukwa mayankho onse awiri amapereka 2 cm. Tinasankha t = 0.05 s pa x = 0, pamene girafu ikudula mzere wapakati. Apo ωt = π/6. Ndi φ = −π/3 timapeza cos(−π/2), yomwe ndi 0, zogwirizana ndi girafu. Ndi φ = +π/3 timapeza 4 cos(π/6), pafupifupi 3.5 cm, kutali ndi girafu.

Wa mainasi uja, yemwe nthawi yonseyi amangomwetulira, anafunsa chifukwa chake buku lina limene anabwereka likupereka φ ya pulasi pa funso lofanana ndi lomweli. Buku lakelo limalemba funde ngati cos(ωt − kx + φ), ndipo m'kalembedwe kameneko funde lathu ndi cos(ωt − kx + π/3). Ndi funde lomwelo, mabulaketi angotembenuzidwa. Likanalembedwa ndi saini, likanakhala sin(kx − ωt + π/6). Nchifukwa chake ndimawauza kuti φ yolembedwa payokha, popanda ikweshoni yake pamwamba, sindiichonga, chifukwa sindingadziwe ngati ili yolondola.

Ntchito ya mawa ndawapatsa girafu ya t yomweyo yokha ndi k yomweyo, koma funde likulowera kumanzere. Ayenera kupeza 4 cos(kx + ωt + π/3), ajambulenso okha girafu ya x, nsonga yake ili pa x = −0.2 m.