Mzere umodzi wa traceroute sunena zoona pawokha

Tsopano mtima wakhala pansi pa nkhani ya traceroute, pulogalamu yoonetsa marauta amene paketi ya data imadutsa popita ku seva, rauta iliyonse pa mzere wake. Chimene chandilowa m'mutu ndi ichi: nambala ya pa mzere si nthawi imene paketi yachedwa pa rauta imeneyo. Ndi ulendo wonse, kupita ndi kubwerera, kuphatikizapo nthawi imene rautayo yatenga kuti ikuyankhe.

Taonani zimene ndinapeza ndili kuno ku Kasungu, ndikulondola seva ya ku Ulaya. Maadiresi ndawasintha.

```
4  198.51.100.1    38 ms   41 ms   39 ms
5  198.51.100.9   310 ms  295 ms  330 ms
6  * * *
7  203.0.113.5     62 ms   60 ms   64 ms
8  203.0.113.77   214 ms  216 ms  213 ms
9  203.0.113.90   217 ms  215 ms  218 ms
```

Maso amathamangira pa mzere 5. Koma paketi yopita ku 7 imadutsa pa 5 pomwepo, ndipo yapita n'kubwerera m'mamilisekondi 62 okha. Ndiye 5 ingakhale bwanji yochedwetsa? Rauta imapatsira mapaketi a anthu mwachangu, koma kulemba yankho la ICMP, uthenga umene traceroute imadikira, imakuona ngati ntchito yapambali, yochita ikapeza mpata. Nyenyezi za pa 6 ndi chimodzimodzi: rautayo sikuyankha basi, koma mapaketi akudutsa, apo ayi 7 sitikanaiona.

Kuchedwa kwenikweni kumatsatira mizere yonse mpaka kumapeto. Ndi zimene zachitika pa 8: kwawonjezeka mamilisekondi pafupifupi 150, ndipo 9 sanatsike. Komabe limenelonso si vuto. Kuwala mu faiba kumayenda makilomita pafupifupi 200 pa milisekondi imodzi, choncho 150 yopita ndi kubwerera ndi mtunda wa makilomita ngati 15,000, nthambo ya pansi pa nyanja. Nambala zitatuzo zikufanana, umenewo ndi mtunda. Zikanamadumphadumpha, makamaka madzulo, ndikanati njira yadzaza.

Chimandipweteka n'chakuti aphunzitsi athu anadutsapo mothamanga, akuti nthawi yatha, mayeso ayandikira. Anangoti nyenyezi ndi paketi yotayika. Ndi angati a m'kalasi mwathu amene adzaimbira kampani ya intaneti n'kumaloza rauta yosalakwa?

Ine tsopano ndimangodalira `mtr -rwc 100`, pulogalamu yonga traceroute imene imayesa rauta iliyonse mobwerezabwereza. Mapaketi atatu pa rauta ndi ochepa, 100 amaonetsa zenizeni pa `Loss%`, gawo loonetsa mapaketi otayika. Lamulo ndi lomwe lija: 40% pakati koma 0% kumapeto palibe chatayika, koma kutayika kukayambira pa mzere wina n'kupitirira mpaka pa seva, kayang'aneni pamenepo. Kwa ine mtr imathetsa pafupifupi mkangano uliwonse.

Pamene ndikadakayikabe ndi pa njira yobwerera. Yankho lochokera pa 8 litha kubwera kudzera kwina kumene sindikukuona. Ndiye kuchedwa kukayambira pamenepo, ndiloze njira yopita kapena yobwerera? Popanda wina woyesa kuchokera tsidya linalo, sindikuona mmene ndingasiyanitsire.