Masipuni 60 ndi mabotolo 6: shuga amene ndinamwa pa sabata imodzi

Anesi atandiyeza anandiuza kuti sikelo yanga yakwera, ndipo anandifunsa kuti ndimamwa shuga wochuluka bwanji. Ndinayankha molimba mtima kuti ndi katiyi chabe kam'mawa ndi kamadzulo. Iwo sanatsutse. Anangoti ndikalembe chilichonse chotsekemera chimene ndamwa kwa masiku 7, ndisasinthe kanthu, ndisadzikometsere.

Ine ndine telala pa Mangochi boma. Kumbuyo kwa kabuku kolembamo miyezo ya makasitomala ndinajambulako mizere iwiri, wina wa masipuni a shuga, wina wa mabotolo. Munali mu Okutobala, ndipo amene anakhalapo kuno mwezi umenewu akudziwa kuti pofika masana khonde la shopu limakhala ngati ng'anjo. Botolo lozizira limachita kukuitana lokha.

Sabata itatha, kabuku kanali kotere. Kuyambira Lolemba mpaka Loweruka, m'mawa makapu awiri a tiyi, iliyonse masipuni 3, madzulo kapu imodzi ya masipuni 2. Ndiwo masipuni 8 pa tsiku, 48 pa masiku 6. Lamulungu kunabwera alamu anga a ku Namwera, ketulo inabwerera pamoto, ndipo ndinafika masipuni 12. Onse pamodzi 60. Mabotolo a kola anali 6: anayi agalasi a mamililita 300, awiri apulasitiki a mamililita 500.

Ndinali nditauzidwa kuti sipuni yaing'ono ya tiyi imanyamula magalamu 4 a shuga. Choncho 60 kuchulukitsa ndi 4, magalamu 240. Pabotolo ndinaona nambala ya shuga, 10.6, n'kuichulukitsa ndi mabotolo 6, kupeza pafupifupi magalamu 64. Zonse magalamu 304 pa sabata. Malangizo amene bungwe loona zaumoyo padziko lonse linatulutsa mu 2015 amati shuga wothira asafike magawo 10 pa 100 a mphamvu zimene munthu amapeza m'chakudya pa tsiku. Kwa munthu wofunika makalori 2,000, ndiwo magalamu 50 pa tsiku, kapena 350 pa sabata. Ine ndinali pa 304. Ndinapita kunyumba ndikuimba mluzu.

Mayi akunyumba anayang'ana kabukuko, kenako anatsegula chitini cha shuga n'kutapa monga ndimatapira ine, kaphiri pamwamba pa sipuni.

"Bambo, magalamu 4 anuwo ndi awa?"

Apa ndi pamene masamu anga anagwera. Magalamu 4 aja ndi a sipuni yosalaza, yomwe mwadutsitsa mpeni pamwamba kuti shuga alingane ndi milomo ya sipuni. Sindinaonepo munthu wothira tiyi chotero. Komanso masipuni a m'nyumba zathu salingana, ena anabwera ndi ukwati, ena tinagula pamsika, ena ndi akuya ngati kachipande.

Sikelo yaing'ono tilibe, ndipo ya pamsika yoyezera mpunga singamve kulemera kwa sipuni imodzi. Tinachita izi: tinatsegula paketi yatsopano ya kilogalamu imodzi, ine n'kumatapa ndi sipuni yanga yomwe ija, mwa chizolowezi changa, kuthira m'mbale youma, mayi akuwerenga. Pofika 50 dzanja linayamba kuchita manyazi n'kumatapa pang'ono, mayi anandibweza kuti ndiyambirenso. Paketi inatha pa sipuni ya 140. Magalamu 1,000 kugawa ndi 140, kupeza magalamu 7 ndi kanyenyeswa. Ndiye kuti sipuni yanga imodzi inali pafupifupi masipuni awiri a kuchipatala. Masipuni 60 aja anasanduka magalamu 420.

Cholakwa chachiwiri chinali pabotolo. Nambala ya 10.6 si ya botolo lonse, ndi ya mamililita 100 okha, ndipo zimenezi zinalembedwa pamwamba pa mzerewo m'tizilembo tofuna magalasi. Botolo la mamililita 300 lili ndi magawo atatu otere, ndiwo magalamu pafupifupi 32. La 500 lili ndi magawo asanu, magalamu 53. Botolo limodzi lapulasitiki palokha ladumpha kale malire a tsiku lonse. Anayi agalasi anandipatsa 128, awiri apulasitiki 106, pamodzi 234. Nambala imeneyi imasiyana malinga ndi chakumwa, ndiye musatengere yanga, tembenuzani botolo lanu. Mukakhala a sikwashi, onaninso ngati nambalayo ikunena za wosungunula kale ndi madzi kapena wa m'botolo momwemo, poti kusiyana kwake n'kwakukulu.

Pa zolembedwa za pabotolo pamakhala mzere wa makabohaidireti, pansi pake wa shuga. Musawaphatikize. Shuga ndi mtundu umodzi wa makabohaidireti, ndipo mzere wachiwiriwo ukungonena kuti mwa makabohaidireti aja, ochuluka chotere ndi shuga. Pa kola nambala ziwirizi n'zofanana chifukwa mulibe china. Shuga wa m'chitini nayenso ndi makabohaidireti okhaokha, choncho magalamu a shuga amene mwapeza ndi omwewonso a makabohaidireti.

Tsopano 420 kuphatikiza 234, magalamu 654 pa sabata. Kuposa theka la paketi, ine ndekha. Kugawa ndi masiku 7, pafupifupi magalamu 93 pa tsiku. Kuwerenga sabata yonse kunathandiza, chifukwa ndikanatenga Lachiwiri lokha, lomwe sindinagule botolo, ndikanapeza 56, pomwe Lamulungu tiyi yekha anali 84.

Makalori savuta. Galamu imodzi ya shuga imapereka makalori pafupifupi 4. Magalamu 654 ndiwo makalori 2,616 pa sabata, kapena 374 pa tsiku. Ndinaima kaye pa nambala ya sabatayo: ikuposa chakudya cha tsiku lathunthu, ngati kuti sabata yanga inali ndi tsiku lachisanu ndi chitatu lodya, koma lopanda nsima kapena chambo. Pa makalori 2,000, 374 ndi magawo pafupifupi 19 pa 100, pomwe malire ndi 10. Chenjerani ndi nambala ya mphamvu yolembedwa pabotolo, nthawi zambiri imakhala m'makilojulo. Mukaona 180 pa mamililita 100, gawani ndi 4.2, mupeza makalori pafupifupi 43, zomwe zikugwirizana ndi 10.6 kuchulukitsa ndi 4. Pa kola zikasiyana kwambiri, ndiye kuti mwawerenga mzere wolakwika.

Masamuwa sakuwerengera mandasi amene ndimamwera tiyi, thobwa kapena mkaka, ndipo sanena ngati munthu ali ndi matenda a shuga. Zimenezo amaona poyeza magazi.

Chimene chinandidabwitsa n'chakuti ine ndinkaloza chala mabotolo, chonsecho magawo awiri mwa atatu a shuga yense ankachokera m'kapu ya tiyi. Ndiye ndinayambira pomwepo. Sindinachepetse chiwerengero cha masipuni, ndinangoyamba kuwasalaza. Masipuni 60 osalaza ndi magalamu pafupifupi 240, kutanthauza kuti 180 achoka, makalori 720 pa sabata. Masiku oyamba tiyi ankamveka ngati madzi otsukira ketulo. Mabotolo awiri apulasitiki ndinawasiya, pansi pa makina ndinaikapo chigubu cha madzi chokulunga ndi nsanza yonyowa. Zikatero sabata imatsala ndi magalamu 368, ndipo kuti nditsike pansi pa 350 pakufunika kuchotsa botolo limodzi lagalasi. La Loweruka masana ndi limene tikukanganirana ndi mayi mpaka pano.