Mthunzi komanso kulemera kwa madzi, basi, nkhani ya damu lopindika ndaimva

Masabata atatu ndakhala ndikulimbana ndi mutu umenewu wa fosi ya madzi pa nkhope yopindika ya damu ndipo dzulo usiku ndi pomwe zalowa, moti ndagona mtima uli m'malo. Za khoma lowongoka sindikambapo, tonse tinazidutsa, `p = ρgh`. Chimandisokoneza chinali chakuti pamalo opindika pulesha ikukankha molunjika pa kachigawo kalikonse, ndiye kachigawo ka pansi ikukankhira pansi, ka pamwamba ikukankhira cham'mbali, mivi yonse yaloza kosiyana, uphatikiza bwanji zimenezo?

Yankho lake ndi lakuti suphatikiza mivi ayi, umafunsa mafunso awiri osiyana. Loyamba, nditawalitsa tochi chopingasa kuchokera mbali ya madzi, mthunzi wa nkhope ija ungagwe bwanji pa khoma loima? Fosi yopingasa ndi yomwe madzi akanakankha pa mthunzi umenewo, kupindika konse kuja kulibe nako ntchito. Chifukwa chake ndi chimene chinanditsegula mutu: kachigawo kopendekeka kamalandira `p dA`, gawo lake lopingasa ndi `p dA cosθ`, pomwe `θ` ndi kupendekeka kwa kachigawoko kuchoka pa khoma loima, koma `dA cosθ` ndi mthunzi womwewo wa kachigawoko. Funso lachiwiri, pamwamba pa nkhopeyo pakhala madzi ochuluka bwanji mpaka kukafika pomwe madzi alekeza? Kulemera kwa madzi amenewo ndiye fosi yoimirira.

Funso lomwe ndinayesera ndi ili. Nkhope ya damu ndi kota ya sekelo, lediyasi mamita 6, senta yake ili pamwamba penipeni pa madzi, madzi akhala mkati mwa kupindikako ngati m'mbale, ndipo tikutenga mita imodzi m'litali mwa damu. Mthunzi ndi mamita 6 kuya, mita imodzi m'lifupi, pakati pake pali pa mamita 3, ndiye poti `ρg` ya madzi ndi 9810, fosi yopingasa ndi `F_H = 9810 × 3 × 6` zomwe zikupereka 176.6 kN, ikugwira pa mamita 4 kuchokera pamwamba. Madzi okhala pa nkhopeyo ndi `πR²/4`, kutanthauza 28.27, kuchulukitsa ndi 9810 ndi 277.4 kN yoloza pansi, ikudutsa pa sentiroidi ya kota ija, `4R/(3π)`, mamita 2.55 kuchokera pa mzere wa senta. Zonse pamodzi ndi 328.8 kN yopendekeka madigiri 57.5 kutsika.

Tsono apa ndi pomwe ndinakhulupirira kuti ndamvadi. Ndinatenga momenti pa senta: 176.6 kuchulukitsa 4 ndi pafupifupi 706, 277.4 kuchulukitsa 2.546 ndi 706 yomweyo, ndipo zikuzungulira motsutsana. Ziro! Ziyenera kutero poti pa sekelo muvi uliwonse wa pulesha uli pa mzere wodutsa pa senta. Ndi chifukwa chake mageti opindika a pa madamu amaika pini yake pa senta, madzi sangalitembenuze geti, mashini okweza amangolimbana ndi kulemera kwa getilo ndi kukhulana.

Pomwe ndinkalakwa masabata onsewa, ndikangoona kota ya sekelo ndimalemba `πR²/4` osayang'ana kuti madzi ali mbali iti. Nkhope yomweyo ikatuzukira kumadzi ngati msana wa m'phika wovundikira, madzi apamwamba pake ndi `R² − πR²/4`, 7.73 yokha, fosi yoimirira yatsika kufika 75.8 kN pomwe yopingasa ikadali 176.6 kN. Ndipo madzi akakhala kunsi kwa nkhopeyo umawerenga madzi ongoganizira omwe akanakhala pamwamba pake, fosi nkuloza m'mwamba.

Ine pano funso lililonse ndikumayamba ndi kudula chigawo cha madzi chogundana ndi nkhopeyo, kuchijambula pachokha, kuika kulemera kwake ndi mapulesha a m'mbali zowongoka. Ndikuona ngati palibe njira yoposa imeneyi, integireshoni ndaiika kaye pambali. Chimandiwawa nchakuti alekichala athu anangolemba mafomula awiri pa bolodi mphindi khumi, chitsanzo chimodzi, nkudumphira mutu wa zinthu zoyandama, pomwe kujambula mthunzi kukanatenga mphindi ziwiri zokha. Mwina nawonso silabasi ikuwathamangitsa, koma ife ndi amene tikukhala mpaka 1 koloko usiku.

Chomwe chikundidetsabe nkhawa ndi nkhope yomwe mbali ina madzi ali pamwamba pake mbali ina ali kunsi, mavoliyumu nkumachotserana. Ndayesa mafunso awiri, limodzi ndakhoza, linalo chizindikiro chinatembenuka ndipo sindinapezebe pomwe ndaphonya. Ndikaganiza za damu la Kariba, lopindika mbali ziwiri, lotalika mamita 128, ndimadzifunsa ngati kachigawo kanga ka mita imodzi kangandifikitse patali kumeneko. Mawa ndibwereranso pa funso lomwe ndinalakwa lija.