Zomwe ndaphunzira posankha tchati cha bajeti ya komiti

Pa kosi ya Excel yomwe ndikuchita madzulo tinapatsidwa ntchito yoonetsa bajeti ya kagulu ka alimi pa tsamba limodzi, ngati tikukaipereka ku komiti. Bajeti yake inali yongoyerekeza, K6,000,000 pa chaka, yogawidwa m'zigawo zisanu ndi ziwiri. Zikuluzikulu zinali maphunziro a alimi K1,500,000, mayendedwe K1,320,000 ndi maalawansi K1,200,000. Zotsalazo zinali lendi, mbewu, mapepala ndi ndalama zodula ku banki.

Ambiri tinathamangira tchati chozungulira, chija chimadulidwa ngati keke, chifukwa chimaoneka bwino. Koma tayesani kufunsa kuti pakati pa mayendedwe ndi maalawansi chikudya ndalama zambiri ndi chiti. Mayendedwe ndi 22 peresenti, maalawansi 20 peresenti. Pa bwalo la madigiri 360, chidutswa chimodzi chili ndi madigiri 79, china 72. Diso silingagwire kusiyana kotere, chonsecho ndi K120,000, ndalama yoti wapampando angaimitsire msonkhano. William Cleveland ndi Robert McGill anaonetsa mu 1984 kuti anthu amalondola bwino poyerekeza mizati yoyambira pamzere umodzi kusiyana ndi poyerekeza zidutswa za bwalo.

Ndiye manambala omwewo ndinawasanja kuyambira yaikulu kutsika, n'kusankha `Clustered Bar` pansi pa `Insert`. Mizati yogona ndaikonda chifukwa mayina aatali ngati "maphunziro a alimi" amakwana kumanzere osapendekeka. Mzati wa mayendedwe unaoneka kuti waposa wa maalawansi. Chofunika kuonetsetsa n'chakuti muyeso uyambire pa ziro. Ukayambira pa K1,000,000, maphunziro amaoneka ngati aposa maalawansi kawiri ndi theka, pomwe si zoona.

Palinso nkhani ya fotokope. Makomiti athu amagawana mapepala osindikiza ndi inki yakuda yokha, ndipo mitundu isanu ndi iwiri ija imangosanduka yotuwa. Msungichuma amatha nthawi kulozera anthu chidutswa ndi dzina lake.

Sindikunena kuti chozungulira n'chachabe. Komiti ikafunsa kuti, kodi ndalama zopita kwa alimi zikuposa theka? apo chimagwira ntchito. Nditaphatikiza maphunziro, mayendedwe ndi mbewu za K600,000 ndinapeza K3,420,000, yomwe ndi 57 peresenti, ndipo za ku ofesi 43 peresenti. Zidutswa ziwiri zokha, ndipo aliyense amaona kuti china chadutsa pakati. Koma zigawozo ziyenera kukwana bajeti yonse, osasiyako kanthu.

Pa msonkhano wa pakati pa chaka, pomwe funso limakhala la zomwe tinakonza ndi zomwe tawononga, mizati iwiriiwiri pa chigawo chilichonse ndiyo ndingatenge. Matchati awiri ozungulira angabise vuto: gulu litawononga theka lokha la ndalama pa chigawo chilichonse, onse awiri angaoneke chimodzimodzi.