Sabata ya shedi yopanda anthu

Ntchito yanga ku khonsolo ndi ya zamalonda: malaisensi a bizinesi, misika, makopaletivi, ndi madandaulo onse a anthu ogulitsa. Sabata yathayi inathera pa msika umodzi wokha wa m'mbali mwa msewu wa M1, pomwe tinamanga shedi yabwino ya mabenchi a simenti, denga la malata, koma chitsegulireni amayi a tomato, anyezi ndi kabichi akukana kulowamo. Akugulitsirabe pamphepete pa phula, galimoto zikuwadutsa pafupi moti chitenje chimachita kuuluka. Kuofesi anthu ambiri anali atagamula kale kuti mavenda ndi osamva, tingoitana apolisi. Bwana DC anati ndiyambe ndapita ndikaone.

Lolemba ndi tsiku la msika kumeneko. Ndinafika mamawa ndi mnzanga wa ku ofesi ya mapulani, tili ndi kope ndi cholembera basi. Ntchito yathu inali yowerenga mapazi a ogula: akutsikira pati, akulowera kuti, akuima pati. Dzuwa lisanafike pamutu yankho linali litaoneka. Maminibasi onse amaima pafupi ndi magolosale, kumtunda, ndipo a kabaza amadikirira pomwepo. Shedi ili kumunsi, kuseri kwa mpanda, geti lake lopenya kudambo. Munthu wotsika minibasi kuti akafike kushedi ayenera kuzungulira mpanda wonse ndi kulumpha ngalande. Wapaulendo amene akufuna tomato wa pawindo, kondakitala akumufulumizitsa, sangapite kumeneko ngakhale pang'ono. Aliyense amene anadutsapo pa Lizulu kapena pa Jenda akudziwa kuti malonda a ndiwo pamsewu amayenda chonchi: galimoto ikangoima, mabeseni afika kale pawindo.

Ndinakhala pansi ndi mayi wina wogulitsa tomato, ndipo anandiwerengera masamu ake akupanga milu. Dengu amapikula kwa alimi pa K18,000. Wakabaza wolibweretsa amalandira K2,000, chiphaso cha msika ndi K300. M'dengumo mumatuluka milu 50 ya K500, ndiye kuti akagulitsa yonse amapeza K25,000, phindu lake n'kukhala K4,700. Koma milu 10 yokha ikatsala n'kufewa, K5,000 yapita, phindu lonse latha ndipo wayamba kudya mpamba, womwenso ndi ngongole ya ku banki m'khonde yobweza sabata ndi sabata. "Achimwene," anatero, "mushedimo ndi mwabwino, mthunzi ulimo. Koma mthunziwo sugula tomato. Ndikhale m'menemo anzanga akugulitsa kumsewu, madzulo ana adya chiyani?" Sindinapeze choyankha, chifukwa mayiyo amanena zoona. Munthu wa phindu lochepa chotere sangayese malo atsopano ngakhale kwa tsiku limodzi, pokhapokha onse asamukire limodzi ndipo ogula awatsate.

Kuthamangitsa anthu tinakuona m'dziko muno. Mu 2006 boma linachotsa mavenda m'misewu ya m'mizinda pa ntchito ija inkatchedwa Dongosolo, ndipo misewu inayera kwa kanthawi. Koma paliponse pamene malo atsopano anali kutali ndi ogula, anthu anabwerera pang'onopang'ono. N'chifukwa chake mu lipoti langa ndinalemba kuti chofunika kusuntha ndi siteji ya maminibasi, ndipo mpanda uboolede geti lachiwiri loyang'ana kumsewu.

Lolemba lomwelo tinawerenganso ogulitsa onse, a kumsewu ndi a m'kati, tinapeza oposa pang'ono 400. Madzulo titaona mabuku a ziphaso, zodulidwa zinali 260. Kusiyana kotere sikubisika. Ena amathawa akaona wodulitsa ziphaso, ena amapereka theka popanda risiti, ndalamayo n'kulowa m'thumba la munthu. Chizindikiro chake china n'chakuti ndalama za tsiku la msika zimafanana ndi za masiku wamba, chikhalirecho anthu amachuluka kangapo.

Lachiwiri tinakumana ndi komiti ya msika pansi pa mtengo wa mango, a gulupu ndi a tcheyamani a ADC, komiti ya chitukuko cha m'dera, ali pomwepo. Nkhani ya ziphaso nditangoiyamba, a tcheyamani a msika anaimirira. "Bwana, mukuti sitilipira. Tiyeni tikaone chimbudzi chanu, kenako mubwere mutiuzenso za chiphaso." Tinapitadi. Zitseko zinachoka, dzenje linadzaza, mpopi unadulidwa chifukwa cha bilu. Zinyalala za kabichi zaunjikana kuseri kwa shedi, ntchentche zili ng'waa. Amayi amapita kukapempha chimbudzi kunyumba za anthu. M'dziko lomwe kolera inapha anthu ambiri mu 2022 ndi 2023, msika wa zakudya wopanda madzi ndi chinthu chochititsa manyazi, ndipo manyaziwo ndi athu a khonsolo.

Apa ndi pamene pamaonekera malire a ntchito yathu. Chimbudzicho ndi cha khonsolo ndipo chikhalabe cha khonsolo, koma kuchiyendetsa tsiku ndi tsiku kwatikanika kale. Ndalama yolipira pakhomo ikalowa ku akaunti yaikulu, imakalipira malipiro a alonda ndi mafuta a galimoto, ndipo sopo wa kumsika amadikira siginecha za anthu angapo. Choncho tinagwirizana kuti khonsolo ikonze chimbudzicho kamodzi, ipope dzenje, ibweze bilu yakale, kenako ilengeze poyera kuti gulu kapena munthu wa m'deralo apikisane kuchiyendetsa pa lendi ya pamwezi. M'pangano mulembedwe zinthu zochepa koma zomveka: mtengo wa pakhomo usapitirire umene khonsolo yavomereza, madzi ndi sopo zikhalepo nthawi zonse msika uli wotsegula, bilu ya madzi ndi ya woyendetsayo, kukonza kwakukulu ndi kwa khonsolo, ndipo woyang'anira zaumoyo akapeza uve mobwerezabwereza pangano litha. Achinyamata awiri kapena atatu apeza ntchito pamenepo popanda khonsolo kulemba munthu. Komiti inapemphanso kuti ndalama za ziphaso zizilembedwa pa bolodi pageti sabata iliyonse, pamodzi ndi zomwe zagwiritsidwa ntchito pamsikapo. Pempho limeneli ndinalikonda kuposa onse, chifukwa wodulitsa ziphaso sangabise anthu 140 pamene eni ake akuwerenga bolodi.

Lachitatu kunali komiti ya makhansala yoona za chitukuko, ndipo kumeneko kunatentha. Khansala wa dera lomwelo, munthu wokonda anthu ake ndithu, anabwera ndi ganizo lakuti khonsolo igule makina opangira sosi, izigula tomato yense wotsala kwa alimi ndi amayi a pamsika. Anafotokoza momwe tomato amaolera m'miyezi ya Seputembala ndi Okutobala, madimba onse akacha nthawi imodzi, dengu n'kutsika mtengo mpaka mlimi kulisiya pamsewu. Anthu anaomba m'manja, ndipo vuto limene ananenalo ndi lenileni.

Ndinapempha kuyankhapo mwaulemu. Ndinati, olemekezeka, tomato wotchipayo amapezeka miyezi yochepa. Nthawi ya dzinja amasowa ndipo amadula, ndiye makinawo adzakhala chigonere pamene ogwira ntchito akulandirabe malipiro. Sosi wogulitsa m'mashopu amafuna chiphaso cha Malawi Bureau of Standards, mabotolo, shuga, magetsi osazimazima ndi munthu woyenda kukasaka msika. Lamba wa makina akaduka Lachisanu, mwini bizinesi amagula wina Loweruka. Ife timayamba tapempha makoteshoni, komiti yogula zinthu ikhale pansi, tomato akuola. Malamulo ogulira katundu wa boma alipo kuti ateteze ndalama za anthu, ndipo ndi abwino, koma sanapangidwire malonda a zinthu zoola. Chachikulu n'chakuti ndife amene timapereka malaisensi, timagawa malo, timayendera ukhondo. Tikayamba kupanga sosi, mayi amene akupanga kale jamu ndi sosi kunyumba kwake adzakhala akupikisana ndi amene amamupatsa laisensi. Woimba wenzulo savala yunifolomu ya timu.

Lamulo la maboma aang'ono la 1998 linatipatsa mphamvu zokhazikitsa misika, kutolera ndalama, kupanga malamulo a m'dera ndi kukonza mapulani a chitukuko. Zimenezo ndi zida zokwanira ngati tizigwiritsa ntchito. Ndinauza komiti kuti pali gulu la alimi a m'madimba lomwe lakhala likufunsa za kulembetsa kopaletivi. Khonsolo ingathe kuwapatsa puloti pafupi ndi mawaya a ESCOM pa lendi yotsika kwa zaka zoyambirira, kuwathandiza mapepala olembetsera ku unduna wa zamalonda, kuwalumikiza ndi ophunzitsa za kasungidwe ka mabuku, ndi kuika kamlatho ka kumadimba mu pulani ya chaka chamawa, poti nthawi ya mvula galimoto za opikula sizifika. Makina akadzagulidwa akhale awo, ngongole yawo, phindu lawo. A khansala sanakondwe kwenikweni, chifukwa kamlatho ndi puloti sizidulidwa riboni mokoma ngati fakitale, koma anavomera kuti nkhaniyi ipite ku msonkhano waukulu wa khonsolo m'njira imeneyi.

Lachinayi linapita ndi mapepala: kalata yopita ku Roads Authority, poti M1 ndi malire ake zili m'manja mwawo ndipo siteji singasunthe iwo osavomereza, ina kwa apolisi a pamsewu, ndi kuwerengetsa mtengo wa geti ndi kuthira miyala poimapo galimoto.

Lachisanu ndinabwerera kumsika kukakumana ndi anthu ovuta kwambiri pa nkhaniyi, omwe ndi madalaivala, oitanira, a kabaza ndi eni magolosale a kumtunda. Madalaivala alibe nazo vuto bola poimapo pakhale posaterera komanso potulukira msanga. Eni magolosale ndiwo anakwiya, ndipo ali ndi chifukwa: anamanga pamenepo potsata siteji, amalipira laisensi chaka ndi chaka, lero tikuwachotsera ogula. Bambo wina wachikulire anandifunsa kuti, "Mwana wanga, mukuchiza amayiwa podwalitsa ife?" Tinakambirana mpaka dzuwa kupendeka. Tinamvana kuti galimoto zochokera kumpoto zizitsitsa pa geti latsopano la shedi, zochokera kumwera zipitirize kuima kumtunda, ndipo a kabaza agawikane malo awiriwo.

Mabenchi a mushedi tidzagawa motsata kaundula amene komiti yalemba wa anthu omwe akugulitsa kale pamsewu, ndipo a kutsogolo adzachita maere pamaso pa onse, kuti asagwe m'manja mwa anthu a ndalama omwe amatenga benchi n'kumabwereketsa. Kusamuka kudzachitika tsiku limodzi, geti ndi madzi zikatheka, osati zisanatheke. Ikadzatha miyezi iwiri tidzabweranso ndi kope lija kudzawerenga mabenchi okhala ndi anthu masana, ziphaso zodulidwa poyerekeza ndi ogulitsa, komanso kufunsa eni magolosale ngati malonda awo atsika. Ndalama ya geti a zachuma akuti ipezeka mwezi wamawa, ndipo yankho la Roads Authority tikulidikira.