Lachiwiri: ngongole yomwe inatha mu Malichi yadzukanso

M'mawa ku ofesi kunafika mayi wina wogulitsa mandasi, ali wefuwefu. Akuti dzulo kunyumba kwawo kunabwera mnyamata wa kampani yotolera ngongole, n'kuwauza kuti apereke K60,000 pofika Lachisanu, apo ayi adzanyamula firiji. Chonsecho ngongole ya K180,000 imene anatenga ku bungwe lina lobwereketsa ndalama anaimaliza mu Malichi, K30,000 mwezi uliwonse kwa miyezi 6.

Za firijizo n'zongoopseza. Wolanda katundu ndi sherifu, ndipo amabwera ndi chikalata cha khoti, osati mnyamata wa panjinga yamoto. Komanso otolera ngongolewa amangopatsidwa mndandanda wa mayina ndi ndalama, mabuku enieni sawaona. Ndiye kulimbana nawo pakhomo n'kutaya nthawi. Afunseni kalata yosonyeza nambala ya ngongoleyo ndi miyezi imene akuti simunalipire, ndipo musawapatse ngakhale K1,000 "ya mafuta".

Mayiwo anamasula kajumbo ka malisiti. Anayi anali owerengeka bwino. Miyezi iwiri yotsalayo, Januwale ndi Febuluwale, anawalipirira mwana wawo pa Airtel Money, ndipo mameseji ake anafufutika kalekale. Apa mpamene panagona nkhani. Mwini nambala ya foni akapita ku ofesi ya kampani ya foni ndi chiphaso cha unzika amatha kupempha sitetimenti. Pamenepo pamaoneka tsiku, ndalama, kumene zinapita ndi nambala ya malipirowo, ija amailemba kuti Trans ID. Nambala imeneyi ndiyo umboni weniweni, chifukwa obwereketsa amatha kuifufuza kumbali kwawo.

Mwanayo anabwera ndi sitetimentiyo masana. Ndalama zinalowadi kawiri konse, K30,000 ndi K30,000. Atakafufuza ku bungweko, anapeza kuti polemba nambala ya ngongole mwanayo anasinthanitsa manambala awiri omaliza, 47 kukhala 74. Zikatere ndalama zimangokhala mu akaunti ya ndalama zopanda mwini, uku dzina lanu likuoneka ngati la wothawa ngongole.

Kalata yopita ku bungwe lobwereketsa lija inalembedwa yaifupi: dzina, nambala yolondola ya ngongole, masiku onse 6 ndi ndalama zake, kenako pempho loti asamutse K60,000 ija ndi kuuza otolera ngongole asiye. Inapita ndi mafotokope okhaokha, malisiti enieni satuluka m'manja. Makope a kalatayo akhale awiri, imodzi aidinde chidindo cha tsiku n'kukubwezerani. Akazengereza, madandaulo okhudza mabungwe obwereketsa ovomerezeka amapita ku Reserve Bank of Malawi.

Chimene mayiwo anaphonya mu Malichi ndi kalata yotsimikiza kuti ngongole yatha. Aifunse tsopano, aonetsetsenso kuti dzina lawo lakonzedwa ku mabungwe osunga mbiri ya ngongole. Malisiti anayi aja tawajambula kale pafoni, chifukwa timapepala ta m'makina timayera tokha, ndipo la Novembala layamba kale kuzilala m'mphepete.