Lipoti la pagulu: tisamakongoletse mitu pamanja

Semesita ino pali chinthu chimodzi chomwe ndachimvetsa bwino pa Word, ndipo ndikufuna anzanga omwe mumalemba asayimenti pagulu muchione. Mutu wa chapita ukhoza kuoneka ngati mutu m'maso mwathu koma kompyuta osaudziwa kuti ndi mutu. Ukangosankha mawu, kuwakuza kufika 16 ndi kudina B, kwa Word imeneyo ndi ndime wamba basi, yangonenepa. Imadziwa mutu pokhapokha wauika pa Heading 1 kapena Heading 2, masitayilo aja ali pa Home.

Pa lipoti lathu tinali anthu asanu, aliyense chapita chake, aphunzitsi anati Times New Roman, saizi 12, mizere italikirane 1.5. Titaphatikiza mafayilo zinali zosaoneka bwino, wina Calibri 11 ija inkabwera kale pa Word, wina mitu yapakatikati, wina amadina Enter kangapo kuti chapita chiyambire tsamba latsopano. Titapita pa References kuti tiike Table of Contents inangotulutsa mitu ya munthu mmodzi yekha, amene anagwiritsa Heading 1, enafe ngati sitinalembe kanthu.

Kuti udziwe msanga ngati fayilo ili ndi vutoli, pita pa View, chonga Navigation Pane. Kumanzere kumabwera mndandanda wa mitu yeniyeni yokhayokha, ndiye mutu umene ukuuona patsamba koma pamenepo palibe, dziwa kuti ngwopanga pamanja. Kenako dina Ctrl+Shift+8, zizindikiro za Enter zonse zimaonekera poyera, mizere yopanda kanthu ija umayiona ili ndondondo.

Kukonza kwake tinayamba ndi Normal, chifukwa masitayilo ambiri amatengera kwa iyeyo. Kudina kumanja pa Normal, Modify, kusankha fonti ndi saizi, kenako Format, Paragraph, kuika Line spacing pa 1.5 ndi After pa 6 pt. Mpata wa pakati pa ndime uzichokera pa After pamenepo, osati pa Enter wachiwiri. Heading 1 tinamuika 14, wakuda osati wabuluu uja, ndipo pa Line and Page Breaks tinachonga Page break before, ndiye chapita chilichonse chimayamba chokha patsamba latsopano ngakhale wina aonjezere ndime zitatu kumtunda. Apa mpamene ndinaona phindu lake, chifukwa ma Enter aja munthu akangoonjeza chiganizo chimodzi mutu umatsetserekera pakati pa tsamba, uyambirenso kuwerenga.

Koma pali pamene ambiri amagwa mphwayi nkumati masitayilo sagwira ntchito. Wasintha Normal bwinobwino koma chapita cha mnzako chikadali Calibri. Chifukwa chake nchoti zomwe munthu anasintha pamanja zimakhala pamwamba pa sitayilo, ndipo zimapambana ndi zomwezo. Ngakhale ukope ndime nkuimata mu fayilo ina zimapita nayo limodzi. Ndiye uyenera kuzichotsa kaye: sankha ndimeyo, Ctrl+Space imachotsa zapamanja za zilembo monga fonti, saizi ndi mtundu, pomwe Ctrl+Q imabweza za ndime monga mipata ndi kuyambira mkati. Chenjezo langa ndi loti Ctrl+Space sisankha, imafufutanso mawu opendeketsa omwe unawafunadi, monga mayina a sayansi a mbewu, Zea mays ndi ena otero, ndiye osangodina Ctrl+A nkusesa zonse, pita ndime ndi ndime ukuyang'ana. Ukakaika kuti ndime iyi yavuta pati, Shift+F1 imakuonetsa zonse zomwe zili pa mawuwo.

Ntchito yosesayi ndi yotopetsa, ndipo nthawi zambiri imagwera munthu mmodzi, wophatikiza uja, usiku woti mawa mukapereka. Ine sindiona chilungamo pamenepo. Lipoti lotsatira tagwirizana kuti mmodzi akonze fayilo yopanda kanthu yokhala ndi Normal, Heading 1 ndi Heading 2 zokonzedwa kale, atumize pa gulupu ya WhatsApp tisanayambe, aliyense azilemba mmenemo. Lamulo nloti kabokosi ka fonti ndi ka saizi osakhudza. Mutu waukulu Ctrl+Alt+1, waung'ono Ctrl+Alt+2, kubwerera ku ndime wamba Ctrl+Shift+N. Zochokera kwina timata ndi Keep Text Only kuti zisabwere ndi zovala zake. Ndipo aphunzitsi akadzati mitu ikhale 13 osati 14, tidzasintha malo amodzi pa Modify, mitu ya machapita onse asanu nkusinthira limodzi, kenako Update Table kuti manambala a masamba agwirizane.